"Komatu anavomera yekha": zimene pepala la kupolisi silinena

Pagulu la anthu odikira mlandu wa m'bale wawo kukhothi kuno ku Mangochi pali mawu amene amathetsa mtsutso uliwonse. Wina akangoti, "Komatu anavomera yekha kupolisi," onse amangoti zii, ndipo ngakhale mayi wobereka amayamba kumukayikira mwana wake. Timaganiza kuti munthu wamutu wake sangadzipachike mlandu umene sanapalamule. Ndiye tikamva kuti m'sitetimenti yakeyo muli tizinthu tating'onoting'ono ta mlanduwo, monga mtundu wa loko kapena malo pamene panali katundu, timati basi, akanadziwa bwanji zimenezi akanakhala kuti sanali pomwepo? Ine ndikuti funso limeneli ndi limene limamangitsa anthu osalakwa, chifukwa yankho lake nthawi zambiri limakhala lapafupi: anazimva kwa amene ankamufunsayo.

Tiyambe ndi zimene lamulo limanena, poti n'zochepa ndipo n'zomveka. Malamulo aakulu a dziko lino, amene tinayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1994, ali ndi gawo 42 lonena za munthu womangidwa. Munthu akagwidwa auzidwe msanga chifukwa chimene wagwidwira. Auzidwenso kuti ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo achenjezedwe za zotsatira za kulankhula. Asakakamizidwe kuvomera mlandu kapena kunena chilichonse chimene chingadzamutembenukire ngati umboni. Aloledwe kukambirana ndi loya pawiriwiri, komanso kuonana ndi mkazi kapena mwamuna wake, wachibale, mtsogoleri wachipembedzo ndi dokotala. Gawo 19 nalo likuletsa kuzunza munthu mwa njira iliyonse, ndipo chiletso chimenechi sichichotsedwa ngakhale dziko litakhala pa ngozi.

Pali mawu ena m'gawo 42 amene kwathu kuno ali ndi ntchito kuposa ku Lilongwe kapena ku Dedza: munthuyo auzidwe zonsezi m'chiyankhulo chimene amamva. Mnyamata wa ku Makanjira kapena ku Katuli akhoza kumagula ndi kugulitsa m'Chichewa pamsika, koma chenjezo la lamulo lowerengedwa mothamanga ndi wapolisi wochokera kutali silingamulowe ngati mmene likanamulowera m'Chiyao. Amangogwedeza mutu, poti kugwedezera mutu munthu wa yunifolomu ndi ulemu. Pa pepala pamalembedwa kuti wachenjezedwa ndipo wamva.

Za maola 48 ambiri tinazimva, koma timaziwerenga molakwika. Lamulo likuti munthu afikitsidwe kukhothi mwamsanga mmene zingathekere, osapitirira maola 48. Choncho 48 ndi malire omaliza, si nthawi imene apolisi apatsidwa kuti aimalize. Koma maolawo akathera pa nthawi imene khothi silikugwira ntchito, munthu amadikira tsiku loyamba limene khothi litsegule. Wogwidwa Lolemba 9 koloko m'mawa ayenera kukhala ataonekera pamaso pa majisitireti pofika Lachitatu 9 koloko. Wogwidwa Lachinayi masana maola ake amathera Loweruka, ndiye amagona m'chitokosi Lachinayi, Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu lamulo lisanaphwanyidwe. Masiku a kumapeto kwa sabata amenewa, achibale ali kutali, maofesi atatseka, ndi amene ine ndimawaopa kwambiri.

Pofika apa wina anganene kuti malamulo athu ali bwino, vuto ndi apolisi osawatsata. Ayi, pali lamulo lina limene anthu ambiri salidziwa. M'buku la kayendetsedwe ka milandu ndi umboni, limene linalembedwa m'nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, muli gawo 176. Gawoli likuti chivomerezo cha woimbidwa mlandu chilandiridwe ndi khothi ngakhale mwiniwake atatsutsa kuti sanachinene, kapena kuti sanachinene mwa kufuna kwake. M'maiko ambiri chivomerezo chopezeka pomenya munthu chimabwezedwa pakhomo, woweruza sachiwerengera n'komwe. Kwathu chimalowa. Chitetezo chimene chatsala chili m'ndime yachitatu ya gawo lomwelo: khothi lingachigwiritse ntchito pokhapokha litakhutira popanda chikayiko kuti munthuyo anachinenadi komanso kuti zimene zili m'menemo n'zoona. Likapanda kukhutira, lisachipatse mphamvu ngakhale pang'ono. Oweruza ena a khothi lalikulu anaonapo kuti gawoli likulimbana ndi malamulo aakulu a dziko, koma mu 2001, pa apilo ya mlandu wa kuphedwa kwa amayi ku Chiradzulu, khothi la Suprimu linalisiya likugwirabe ntchito.

Tanthauzo lake kwa munthu wamba ndi lakuti kukhothi kwathu kunena kuti "anandimenya" sikuchotsa pepalalo pa tebulo. Nkhondo yonse imasamukira pa funso lakuti, kodi zolembedwazi n'zoona? Ndipo makhothi amayankha funsoli pofufuza zizindikiro zakunja kwa chivomerezocho: kodi pali umboni wina wochichirikiza, kodi zimene zanenedwamo zikugwirizana ndi zimene zinapezeka, kodi munthuyo anali ndi mpata wochita zimenezo? Mafunsowa ndi abwino. Koma ali ndi chibowo chimodzi, ndipo kuti chioneke tiyeni tiyerekeze mlandu wa mtundu umene umachitika kawirikawiri m'mbali mwa nyanja.

Pa dooko lina injini ya boti yabedwa usiku wa Lachiwiri. Kunali mwera, maboti sanalowe panyanja. Lachitatu m'mawa mwini boti akupita kupolisi n'kupereka sitetimenti yake. Akuti injiniyo ndi Yamaha ya 15, chivindikiro chake chinapentedwa buluu mbali imodzi, inamangidwa ndi tcheni ku boti, ndipo akuba adula tcheniyo ndi sowo. Akufunsidwa amene akumuganizira, ndipo akutchula mmodzi wa alovi ake amene anakangana naye sabata yatha pa nkhani ya malipiro a usipa. Lachinayi masana achitetezo a m'mudzi akumugwira mnyamatayo, akumupatsa makofi angapo panjira, n'kukamutula kupolisi. Loweruka usiku sitetimenti yalembedwa, chala chadindidwa. Ikuti: ndinapita pa dooko cha m'ma 1 koloko usiku, ndinadula tcheni ndi sowo, ndinachotsa injini ya Yamaha ya 15 yopentedwa buluu, ndinakaigulitsa kwa munthu wa ku Mozambique amene dzina lake sindikulidziwa, ndalama ndinamwera.

Mukaiwerenga mwachangu, sitetimenti imeneyi ikukhoza mayeso onse. Mtundu wa injini ndi womwewo, penti ndi yomweyo, tcheni ndi sowo zikugwirizana ndi zimene wodandaula ananena, ndipo mnyamatayo amagona pafupi ndi dooko. Tsopano itengeninso, muike mfundo zake m'magulu awiri: zimene apolisi ankazidziwa kale asanayambe kumufunsa, ndi zimene anazimva koyamba kuchokera pakamwa pake. Yamaha ya 15, ankadziwa kuyambira Lachitatu, ndipo mlovi aliyense wa botilo amaidziwa injiniyo poti amaiona tsiku ndi tsiku. Penti yabuluu, chimodzimodzi. Tcheni ndi sowo zili m'sitetimenti ya mwini boti. Zatsopano ndi ziwiri zokha, munthu wa ku Mozambique wopanda dzina ndi ndalama zothera ku mowa, ndipo zonse ziwiri palibe angazitsimikize. Munthu amene anagulitsadi injini amadziwa kumene anakumana ndi wogula, mtengo umene anagwirizana, amene anawalumikizitsa, ndi mmene chitsulo cholemera makilogalamu oposa 30 chinachokera pa dooko usiku. Anachisenza yekha? Anakweza pa njinga ya ndani? Wosalakwa amene wangotopa ndi mafunso sadziwa kumene kuli injini, choncho amapeka malo amene wapolisi sangapiteko.

Chizindikiro champhamvu kuposa zonse chimabwera pamene apolisi eniake anali ndi mfundo yolakwika. Tiyerekeze kuti patapita sabata tcheni ija yapezeka m'madzi pansi pa boti ili yathunthu, loko wake ali wotsegulidwa ndi kiyi. Mwini boti sanaione tcheniyo m'mawa uja, anangoganiza kuti yadulidwa. Ndiye sowo uja analowa bwanji m'chivomerezo? Wakuba weniweni sakanatchula sowo, poti iye akudziwa kuti anatsegula ndi kiyi. Amene angatchule sowo ndi munthu amene akubwereza maganizo a wapolisi. Chivomerezo chikagwirizana ndi zimene apolisi ankakhulupirira tsiku limenelo, kuphatikizapo zimene analakwitsa, dziwani kuti nkhaniyo inayenda kuchoka kwa wofunsa kupita kwa wofunsidwa.

Sikuti wapolisi amachita kukhala pansi n'kuganiza zonamizira munthu. Nthawi zambiri iye amakhulupirira ndi mtima wonse kuti wagwira wakuba, ndipo mfundozo zimadutsa m'mafunso ake iye osazindikira. "Tcheni ija unadula ndi chiyani, si sowo?" "Iwe, injini yabuluu ija ili kuti?" "Unapita nthawi yanji, anthu atagona eti?" Pofika usiku wachitatu wofunsidwa wamva nkhani yonse kambirimbiri, ndipo akaganiza zogonja ali nazo kale zonena. Akalakwitsa amakonzedwa: "Ukunama, nena bwinobwino." Amayesa yankho lina mpaka wofunsa atasiya kukalipa. Kenako wapolisi amalemba zonsezo m'ziganizo zake zosalala, ngati kuti munthuyo anangokhala pansi n'kufotokoza yekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mafunso salembedwa. Maulendo makumi angapo amene ananena kuti "sindikudziwa" salembedwa. Chimene majisitireti amalandira ndi mphindi zomaliza za nkhani imene inatenga masiku atatu.

Zimenezi si za kwathu kokha, ndipo kumene anazifufuza bwino ziwerengero zake n'zoopsa. Ku America katswiri wa malamulo Brandon Garrett anaunika milandu ya anthu 250 oyambirira amene anamasulidwa m'ndende akatswiri atayeza magazi, umuna ndi zina za m'thupi n'kupeza kuti sanali iwo. Mwa anthuwo, 40 anali atavomera milandu imene sanapalamule. Pa 40 amenewo, onse kupatula awiri okha zivomerezo zawo zinali ndi mfundo za mkati mwa mlandu zimene apolisi ankati wolakwa yekha ndiye angadziwe. Anthu osalakwa, amene sanafikeko pamalopo, ankatchula zinthu zolondola. Mu 1989 ku New York anyamata asanu a zaka 14 mpaka 16 anavomera kuti anachita nawo chiwembu chogwirira mayi wina m'paki, ena mwa iwo akujambulidwa pa vidiyo. Nkhani zawo zinkasemphana, umuna umene unapezeka sunali wa aliyense wa iwo, komabe anamangidwa. Mu 2002 mkaidi wina anaulula kuti anachita yekha, kuyeza kunatsimikiza, ndipo zigamulo za anyamata aja zinafafanizidwa atatha kale zaka zawo zaunyamata m'ndende. Kamera inajambula chivomerezo chokha, maola ambiri a mafunso amene anachitsogolera sinajambule.

Nanga munthu amavomereranji? Pa nkhani ya kumenyedwa sindichedwapo. Munthu amene akumenyedwa ndi chitsulo kapena chibonga sakuganiza za zaka zimene adzakhale ku Zomba, akuganiza za mphindi ikubwerayi, ndipo adzanena chilichonse chimene chingaimitse dzanjalo. Wolakwa ndi wosalakwa amamva kuwawa mofanana, choncho kuwawa sikungasiyanitse awiriwa. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi njira zosasiya chipsera. Tulo ndi imodzi. Ofufuza ena mu 2016 anagoneka gulu lina la ophunzira bwinobwino, lina analichezetsa usiku wonse, kenako m'mawa anapempha aliyense kusaina pepala lonena kuti anachita cholakwa chimene sanachite. Mwa ogona bwino anasaina 18 pa 100 aliwonse, mwa ochezera anasaina theka. Uwu unali usiku umodzi wokha, popanda udzudzu, njala, chidebe cha pakona kapena kutentha kwa Okutobala wa kuno m'chipinda chothithikana.

Njira ina ndi bodza la umboni. "Mnzako waulula kale." "Pali amene anakuona." Mu 1996 wofufuza wina wa ku America, Saul Kassin, ndi mnzake anayesa izi pa ophunzira amene ankalemba pa kompyuta atauzidwa kuti asakhudze batani la `ALT`. Kompyuta inazimitsidwa dala, aliyense n'kunenedwa kuti wakhudza batanilo, ngakhale palibe analikhudza. Pafupifupi 7 mwa 10 aliwonse anasaina kuti analakwa. Pamene ankalembetsedwa mothamanga komanso panali mboni yabodza yonena kuti yaona, onse anasaina, ndipo ambiri anayamba kukhulupiriradi kuti anakhudza. N'zoona kuti batani la kompyuta si mlandu wa injini. Koma taganizirani mlovi amene usiku wa Lachiwiri uja anamwa kachasu mpaka osakumbuka mmene anafikira kunyumba, ndiye anthu atatu audindo akumuuza motsimikiza kuti anaonedwa pa dooko.

Ndiye pali lonjezo, limene kwathu kuno ndiye limagwetsa ambiri. "Ingovomera, nkhani yaing'ono iyi, tikupatsa belo upite." "Ukavomera akakuchitira chifundo kukhothi." Wosalakwa amagwa msanga pa msampha umenewu kuposa chigawenga chozolowera, chifukwa iye amakhulupirira kuti choonadi chidzaoneka chokha. Amati ndisaine ndituluke muno, ndikafotokoza bwino kwa majisitireti. Sadziwa za gawo 176. Sadziwanso kuti wapolisi alibe mphamvu pa chilango chimene khothi lidzapereke, komanso kuti belo ya kupolisi ndi yaulere ndipo siyenera kugulidwa ndi ndalama kapena ndi chivomerezo. Ana, anthu osatha kuwerenga ndi amene mutu wawo sugwira bwino ndiwo amavomera msanga kuposa onse. N'chifukwa chake lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la 2010 limafuna kuti mwana akagwidwa makolo kapena omuyang'anira adziwitsidwe, ndipo asafunsidwe ali yekhayekha popanda wamkulu womuimira.

Munthu wokakamizidwa amafunsidwanso kuti, "Unali ndi ndani?" Apa ndi pamene mlandu umodzi umasanduka wa mudzi wonse. Amatchula amene wabwera m'mutu: mnzake wogona naye, mlamu wake, munthu amene ali naye ngongole. Gawo 176 lomwe lija lili ndi ndime yothandiza pamenepa, yakuti chivomerezo cha munthu mmodzi si umboni wotsutsa mnzake, pokhapokha mnzakeyo atachivomereza kuti ndi chakenso. Ndiye ngati m'bale wanu ali m'chitokosi chifukwa choti "watchulidwa", dziwani kuti kutchulidwa m'sitetimenti ya wina pakokha sikungamumangitse kukhothi. Chimene chimammangitsa n'chakuti nayenso amafunsidwa mwa njira yomweyo, n'kuvomera, ndipo mapepala awiriwo amaoneka ngati akuchitirana umboni pamene onse anachokera m'kamwa imodzi.

Ndikudziwa zimene mwini boti angandiuze. Injini ndi ndalama zankhaninkhani, mabanja angapo amadyera pomwepo, ndipo iye anamvapo za wakuba amene atapanidwa anakaloza pamene anakwirira katundu. Zimachitikadi. Chivomerezo chimene chapititsa apolisi pa bango pamene sankapadziwa, n'kufukula injini imene nambala yake ikugwirizana ndi ya pa lisiti, chimenecho chili ndi mphamvu, ndipo mphamvuyo ikuchokera ku injiniyo, osati ku mawuwo. Ngakhale pamenepo funsani kuti ndani anatsogolera ulendowo, ndiponso ngati katunduyo sanapezeke kale munthuyo asanapite naye kukajambulidwa akuloza. Koma nkhani za opanidwa amene analibe choloza sizifika pa dooko. Ndipo tsiku limene mlovi uja wadinda chala, kufufuza kumatha. Palibenso amene amafunsa kuti makiyi a loko uja anali ndi anthu angati, palibe amapita kwa amakanika a injini ku Monkey Bay kapena pa boma kukafunsa ngati wina wabweretsa Yamaha yofuna kupentanso. Mwini boti wapeza munthu womangidwa, injini yake ikupha usipa kwina.

Dziko lonse linaona mapeto a njira imeneyi mu Febuluwale 2019, pamene Buleya Lule anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe. Iye ankaganiziridwa pa mlandu wa kubedwa kwa mnyamata wachialubino wa ku Dedza, mlandu umene Amalawi onse ankafuna kudziwa amene anali kumbuyo kwake. Kupima thupi lake kunaonetsa kuti anazunzidwa ndi magetsi, bungwe la Malawi Human Rights Commission linatulutsa lipoti lake, ndipo mu 2024 khothi lalikulu linapeza apolisi ena olakwa pa imfayo. Kaya ankadziwa kanthu kaya sankadziwa, khothi silinapezenso mpata womufunsa.

Tsono kukhala chete kumatanthauza chiyani munthu ali pa kauntala? Dzina lanu ndi kumene mumakhala nenani, zimenezo si za mlandu. Pa za mlanduwo mukhoza kunena mwaulemu kuti, "Bwana, pa nkhaniyi sindiyankhula kanthu mpaka nditaonana ndi loya kapena ndikafike kukhothi," ndipo mawu amenewo ndi amene alembedwe. Sindikunamizani kuti n'zophweka. Wofunsa akhoza kukwiya, belo ikhoza kuchedwa, ndipo chikhalidwe chathu chimationetsa munthu wosayankha akulu ngati wamwano kapena wobisa kanthu. Koma kukhala chete si umboni wa kulakwa, ndipo ntchito yotsimikiza mlandu ndi ya boma. Palinso nthawi imene kulankhula pang'ono kumathandiza: ngati usiku umenewo munali ku maliro ku Namwera ndipo anthu ambiri anakuonani, kunena zimenezo msanga kumapatsa apolisi mpata wokafunsa anthu asanaiwale. Nenani chokhacho, chimene mukuchidziwa motsimikiza, n'kulekera pomwepo. Choopsa ndi kupeka. Munthu wamantha amanama pa kanthu kakang'ono, mwina pobisa kuti anagona kwa chibwenzi, ndipo bodza limenelo likagwidwa limadzaoneka ngati bodza la wakuba.

Pepala musalisaine kapena kudindapo chala lisanawerengedwe kwa inu m'chiyankhulo chimene mumamva, ndipo ngati muli mawu amene simunanene, kanani. Pepala lopanda kanthu lokha ndiye ayi ndithu. Maloya olipira ndi ochepa kuno ndipo ambiri sitingawakwanitse, koma bungwe la Legal Aid Bureau linakhazikitsidwa kuti lithandize osauka, ndipo alipo alangizi a zamalamulo amene amayendera zitokosi ndi ndende. Achibale ndiwo ayenera kuthamangira thandizo limeneli, poti wotsekeredwa sangathe.

Ntchito ina ya achibale ndi yooneka yaing'ono: kulemba nthawi. Anagwidwa tsiku liti, nthawi yanji, ndi ndani. Munapita liti ndi chakudya, anakulolani kumuona kapena anakubwezani. Pamene munamuona ankayenda bwanji, kutupa kunali pati. Ngati anamenyedwa ndi anthu a m'mudzi asanafike kupolisi, lembaninso zimenezo mosabisa, chifukwa kukhothi funso lidzakhala lakuti mabalawa anabwera liti. Zimenezi zimadzayerekezedwa ndi tsiku ndi nthawi zolembedwa pa sitetimenti komanso m'buku la pa kauntala. Sitetimenti yolembedwa pa tsiku lachinayi munthu asanaonekere kukhothi, kapena pakati pa usiku, imadzutsa mafunso amene wapolisi ayenera kuyankha atalumbira.

Pamene pamatayikira anthu ambiri ndi tsiku loyamba kukhothi. Mlandu ukawerengedwa, munthu amafunsidwa ngati akuvomera kapena akukana. Amene anavomera kupolisi amaganiza kuti wamangika kale, wapolisi amene anamufunsa uja mwina ali pakhomo pomwepo, ndiye amangoti, "Ndikuvomera." Mawu amenewa ndi olemera kuposa pepala lija. Akanenedwa, mboni siziitanidwa, za tcheni ndi kiyi sizidzamvekanso, ndipo apilo imene imatsala kawirikawiri ndi ya kukula kwa chilango basi. Kuvomera kupolisi sikukakamiza munthu kuvomera kukhothi. Akhoza kukana, n'kuuza majisitireti tsiku lomwelo kuti anamenyedwa kapena kuopsezedwa, kuonetsa mabala, ndi kupempha kuti zilembedwe komanso kuti apite naye kuchipatala. Mikwingwirima imazimirira pa masabata ochepa, pamene mlandu ukhoza kudzayamba kumvedwa patapita miyezi. Wodandaula za kumenyedwa koyamba pa tsiku lodziteteza, wopanda lipoti la kuchipatala, amangomveka ngati aliyense amene wasintha maganizo. Dandaulo lokhudza wapolisi likhozanso kupita ku Independent Complaints Commission, bungwe limene lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa kuti lizifufuza nkhanza ndi imfa za m'manja mwa apolisi.

Wapolisi akabwera kudzapereka sitetimentiyo ngati umboni, woimbidwa mlandu amapatsidwa mpata womufunsa mafunso, ndipo ambiri amauwononga pokangana naye kuti "munandimenya", iye n'kuyankha kuti "sindinakumenye", nkhani n'kuthera pomwepo. Mafunso opindulitsa ndi ena. Kodi sitetimenti ya wodandaula munailemba liti? Pamene munkandifunsa munali mutadziwa kale mtundu wa injini ndi penti yake? Ndi chiyani m'pepalali chimene munachimva koyamba kwa ine? Munapita kukachitsimikiza? Munapeza chiyani? Tinayamba nthawi yanji, tinamaliza nthawi yanji, munali anthu angati m'chipindamo, ndipo tinkalankhula chiyankhulo chanji? Mayankho ake ndi amene amathandiza majisitireti kuona ngati zizindikiro zakunja zija zilidi zakunja, kapena ndi mawu a wodandaula amene angodutsa m'kamwa mwa woganiziridwa n'kubwerera m'faelo.

Ku Britain, milandu ingapo ya zivomerezo zabodza itawachititsa manyazi, lamulo la 1984 linabweretsa malire a kafunsidwe ndi kujambula mawu a zonse zokambidwa pofunsa woganiziridwa, ndipo pambuyo pake apolisi awo anaphunzitsidwa kufunsa mafunso otseguka, omulola munthu kufotokoza yekha asanamuonetse umboni umene ali nawo. Wofufuza wanzeru amabisa dala mfundo zina, monga za kiyi uja, kuti woganiziridwa akazitchula yekha zikhale ndi tanthauzo. Kujambula kumatetezanso wapolisi wachilungamo amene akunamiziridwa kuti anamenya munthu. Koma kuyenera kuyambira pa funso loyamba, osati pamene munthu wagonja kale, ndipo masiku ano foni ya m'thumba mwa wapolisi aliyense ikhoza kugwira ntchitoyo ngati patakhala lamulo ndi malo osungira zojambulazo. Dziko lathu linalowa m'pangano la maiko onse loletsa kuzunza anthu mu 1996, ndipo gawo 15 la panganolo likuti mawu opezeka pozunza munthu asagwiritsidwe ntchito ngati umboni pa mlandu uliwonse. Pamene nthumwi za Malawi zinakaonekera ku komiti yoyang'anira panganoli ku Geneva mu 2022, gawo 176 linali likadali m'buku, ndipo komitiyo inapempha kuti lisinthidwe. Amene ali ndi mphamvu yolisintha ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo, kuphatikizapo amene timawasankha kuno ku Mangochi.